Piritoni, fenegani ndi setirizini: wogonetsa ndi uti, ndipo amagonetsa mpaka liti?

Mlamu wanga amagulitsa kachewere pa Lizulu. Mu Julaye, mphepo ya ku Dedza kuno itafika poluma, anatuluka zidzolo zoyabwa, ndipo ku famase anamupatsa piritoni, timapiritsi ta mamiligalamu 4 tija. Usiku woyamba anagona tulo tofa nato. Kuyabwa kutatha sanasiye kumwa, poti anali atapeza mankhwala a tulo. Sabata isanathe n'komwe anabwera kwathu akudandaula kuti: "Alamu, andigulitsa abodza. Ndamwa awiri koma tambala walira ndili maso."

Mapiritsiwo sanali abodza ayi. Thupi limapanga chinthu chotchedwa hisitamini. Pakhungu ndi m'mphuno, hisitamini ndiye amabweretsa kuyabwa, kutupa ndi kuyetsemula. Koma mu ubongo ali ndi ntchito ina, yotisunga maso: timaselo tomwe timamutulutsa timagwira ntchito kwambiri masana, n'kukhala chete tikagona. Piritoni amatseka malo amene hisitamini amafikirapo, ndipo sasankha. Amadutsa mosavuta tchingo lomwe limateteza ubongo ku zinthu zoyenda m'magazi, choncho akamaletsa kuyabwa pamkono amakhala akuzimitsanso chodzutsa chija m'mutu. Zikope n'kuyamba kulemera.

Fenegani, amene dzina lake lenileni ndi purometazini, amachita zomwezo koma ndi dzanja lolemera. Piritsi la mamiligalamu 25 limagwetsa munthu kuposa piritoni, ndipo mphamvu yake imatha kufika maola 12. Mukamwa 10 koloko usiku, ikamakwana 6 koloko mmawa mutu umakhala udakali mu nkhungu. Wa kabaza wa njinga yamoto kapena woyendetsa minibasi yopita ku Lilongwe asayerekeze. Mwana wosakwana zaka 2 asapatsidwe fenegani ngakhale pang'ono, chifukwa angathe kumufooketsa kapumidwe.

Setirizini ndi loratadini, onse a mamiligalamu 10 kamodzi patsiku, ndi am'badwo watsopano. Kuyabwa amaletsa bwinobwino, koma mu ubongo amalowamo pang'ono chabe. Setirizini amawodzeretsabe anthu ena, loratadini sakonda kutero. Ngati vuto lanu ndi chimfine cha fumbi kapena zidzolo ndipo masana muli ndi ntchito, ine ndingasankhe awiriwa. Ngati mukufuna tulo, musataye ndalama zanu pa iwo.

Nanga mphamvu yogonetsa ija imapita kuti? Hisitamini ndi mmodzi chabe mwa alonda angapo amene amatisunga maso, ndipo piritsi siligwira onsewo. Mukamatseka njira yomweyomweyo usiku uliwonse, ubongo umazolowera n'kubwezeretsa kudzuka kwake pamlingo wakale mankhwalawo ali m'thupi momwemo. Zimachitika msanga modabwitsa. Mu 2002 akatswiri ku Amerika anayesa difenihayidiramini, m'bale wake wa piritoni, pa amuna athanzi, mamiligalamu 50 kawiri patsiku. Tsiku loyamba anawodzera kwambiri, koma pofika tsiku lachinayi kuwodzera kwawo sikunasiyane ndi kwa munthu amene wamwa piritsi lopanda mankhwala. Chomwe chimakhalabe ndi mphamvu yoletsa kuyabwa, ndipo apa ndi pomwe mungadziwire kuti mapiritsi ndi enieni: zidzolo zikugonja, tulo tokha ndi tomwe tathawa.

Kulakwa kwa mlamu wanga kunali kuwonjezera. Piritoni amachedwa kutuluka m'thupi la munthu wamkulu; pafupifupi theka lake limakhalamobe patatha tsiku lathunthu, ndiye wa lero amapeza wa dzulo asanachoke. Komanso mankhwala akalewa amatsekanso njira ya chinthu china chotchedwa asetilikolini, n'chifukwa chake mlamu ankadzuka kukamwa kuli gwa, chimbudzi chikuvuta, ndipo pamsika ankasokoneza chenji. Kwa achikulire n'koopsa kwambiri: agogo aamuna amene amavutika kale pokodza mkodzo ungatsekeke, ena amabalalika mutu kapena kugwa popita kuchimbudzi usiku. Mukaphatikiza ndi kachasu kapena mowa wina uliwonse, zonsezi zimakula.

Kusintha kuchoka pa piritoni kupita pa fenegani sikupulumutsa, pakuti onse amagogoda pachitseko chimodzi. Mungapindule usiku wochepa, mtengo wake n'kukhala mutu wolemera mmawa. Ine ndimawaona ngati a usiku umodzi kapena uwiri, pamene kuyabwa kapena chimfine ndi chomwe chikukulepheretsani kugona. Mlamu atasiya anavutika kupeza tulo masiku angapo, zomwe zimachitika ndithu, kenako zinakhazikika. Tulo tikamasowa kupitirira milungu iwiri kapena itatu, pitani kuchipatala akafufuze chomwe chikukuberani tuloto. Kwa mlamu, dokotala atamufunsa bwino, zinapezeka kuti ankamwa makapu atatu a tiyi wowirira madzulo aliwonse pofuna kuthamangitsa kuzizira kwa pa Lizulu.