slam_toolbox kapena Cartographer: funsani kaye mateyala a loboti yanu

Anzanga opanga timaloboti toyenda m'nyumba sakundipatsa mpata ndi funso loti pojambula mapu a chipinda atenge pulogalamu iti, slam_toolbox kapena Cartographer. Za gmapping tisataye nthawi, inatsalira ku ROS 1.

Ogulitsa ena amakuuzani kuti mukangogula laida, chipangizo choyeza mtunda ndi kuwala kwa leza, basi mwamaliza. Limeneli ndi bodza, ndipo limandipweteka chifukwa ladyetsa anthu ndalama. slam_toolbox imafuna kuti loboti iziuza mtunda umene yayenda, kudzera pa `odom` kupita ku `base_link`, ndiye kawirikawiri pamafunikanso mamota okhala ndi enikoda zowerenga kuzungulira kwa mateyala. Ndalama imeneyo satchula.

Enikoda zikakhalapo, vuto limasamukira pansi. Pasimenti yopaka polishi teyala limaterera pokhota, enikoda n'kuwerenga kuti loboti yatembenuka madigiri 90 chikhalirecho yatembenuka ochepa. Mu RViz, pulogalamu yoonera mapu, mumaona khoma limodzi lasanduka awiri, opatukana ngati lumo lotsegula. Yesani musanajambule: ikani chizindikiro pansi, zunguzani loboti kamodzi pamalo pomwepo, muone ngati `odom` yabwerera pomwe inayambira. Ikaphonya kwambiri, konzani nambala ya mtunda wa pakati pa mateyala.

Liwiro nalo limapotoza makoma. Laida ya RPLIDAR A1 imazungulira pafupifupi ka 5.5 pasekondi, kutanthauza kuti kuzungulira kumodzi kumatenga masekondi 0.18. Loboti ikamakhota madigiri 90 pasekondi, imakhala yasuntha madigiri 16 laida isanamalize kuzungulira. Tsitsani mpaka 20 pasekondi, kusunthako sikufika madigiri 4. Musaiwalenso kusintha `max_laser_range` mu slam_toolbox: laida imeneyi imaona mamita 12 okha.

Pa nkhani ya enikoda m'pamene Cartographer, yomwe Google inatulutsa mu 2016, imapambana. Imatha kuyenda popanda enikoda, pongofananiza zimene laida yaona tsopano ndi mapu amene yajambula kale:

```lua
use_odometry = false,
TRAJECTORY_BUILDER_2D.use_imu_data = false
TRAJECTORY_BUILDER_2D.use_online_correlative_scan_matching = true
```

Mzere woyambawo umalowa mu `options`. Koma njira imeneyi imadya mphamvu ya kompyuta, ndipo m'khonde lalitali la makoma osalala laida imaona zofanana paliponse, mapu n'kutuluka afupi kuposa khondelo. Mafayilo ake a Lua alinso ndi zosintha zambiri zoti muziphunzire.

Pagalasi zonse ziwiri zimagwa chimodzimodzi. Matani pepala pachitseko chagalasi molingana ndi msinkhu wa laida.

Ine mtima wanga uli pa slam_toolbox, ndipo sindibisa. Imagwirizana ndi Nav2, pulogalamu yoyendetsa loboti, popanda kulimbana nayo, ndipo mukasunga ndi `serialize_map` mawa mumapitiriza chipinda china osayambiranso. Ngati loboti yanu ilibe enikoda ndipo thumba lauma, yambani ndi Cartographer m'chipinda chokhala ndi mipando ndi ngodya zambiri. Koma ndalama ikapezeka, gulani enikoda musanaganize za laida yodula.