Mukabinya kakolo: nsapato yaitali kapena yaifupi?

Kawirikawiri kakolo amabinyika phazi likapindikira mkati, minyewa ya mbali yakunja n'kukokeka. Choncho nsapato yabwino ndi imene imaletsa chidendene kugwedera.

Yaitali, ngati ya mpira wa basketball ija, imakuta kakolo yense. Yaifupi yothamangira imalekeza pansi pa kafupa kotuluka kaja.

Kugwira: yaitali imaoneka yodalirika, koma nsalu yake imafewa mukayenda pang'ono. Yaifupi yolimba kumbuyo imagwira bwino mukaimanga moyenera.
Kutupa: yaitali imakhula pamene patupa, yaifupi imapasiya mpata.
Mtengo: pa kaunjika zaifupi n'zambiri, mumasankha momasuka.

Ine ndimakonda yaifupi, makamaka chifukwa cha kabowo komaliza kamene ambiri timangokasiya. Lowetsani chingwe m'kabowo kameneko mbali yomweyo, kuchokera kunja, musiye kakhwekhwe. Chitaninso mbali inayo. Kenako chingwe chakumanja chilowe m'kakhwekhwe kakumanzere, chakumanzere chilowe kumanja. Kokerani pansi, mumange. Chidendene chimakhazikika nthawi yomweyo. Zala zikachita dzanzi, mwathinitsa kwambiri, masulaniko.

Musanalipire, finyani kumbuyo kwa nsapatoyo ndi chala chachikulu. Kukabwafuka, isiyeni. Iikeninso pansi muione cham'mbuyo: ngati yadyeka mbali yakunja, idzapendeketsa phazi komwe munavulalira kuja. Muziyesa madzulo, phazi litatupa kale.

Yaitali ndi ya woyenda m'mizere ya kumunda kapena m'njira za miyala, kutupa kutatha. Yaifupi ndi ya woyenda poyalika, komanso amene wavala bandeji kapena chomangira kakolo.