Kulinyuwa tokeni: kudikira 401 kapena kuyang'ana nthawi?

Tokeni yolowera ya Google imakhala ola limodzi basi, seva imakuuza `expires_in` ya masekondi pafupifupi 3600. Ndiye ntchito yoti ipositi 6 koloko mmawa ikagwiritsa tokeni yadzulo imangopeza 401, yankho la seva lokana tokeniyo.

Njira yoyamba, kudikira 401 yo kenako nkulinyuwa ndi `refresh_token`, tokeni ina yokhalitsa yopemphera yatsopano, nkuyesanso. Ndiyophweka inde, koma positi imayamba yakanidwa kaye, ndipo ngati ntchito ziwiri zadzuka limodzi zonse zimathamangira kulinyuwa, pa maseva amene amasintha `refresh_token` ukangoigwiritsa yachiwiriyo imalandira `invalid_grant`, kutanthauza kuti `refresh_token` yo yakanidwa, mwinanso matokeni onse nkutsekedwa mpaka munthu alowenso pamanja. Zinandichitikirapo, ndinadzuka palibe chatuluka.

Yachiwiri ndi imene ndimakonda ine. Sungani nthawi yothera, ntchito ikadzuka iyang'ane, ngati kwatsala mphindi zosakwana 5 itenge loko yoti ntchito ina isalinyuwe nthawi yomweyo, iwerengenso tokeni mwina inzake yalinyuwa kale, ngati ayi ilinyuwe, isunge zatsopanozo isanapositi chilichonse. Kusunga kaye ndiye pagona nkhani, ikagwa pakati musanasunge mwatsala ndi yakale yakufa.

Komabe 401 musaitaye, tokeni itha kuthetsedwa nthawi isanakwane. Mukaipeza linyuwani nkuyesanso kamodzi kokha, ikabwera `invalid_grant` imani, tumizani uthenga kwa munthu.