`temperature` kapena `top_p`: mugwire iti, musiye iti?

Anzanga amene amalembetsa mauthenga a makasitomala ndi zotsatsa malonda pa mapulogalamu a AI akhala akundifunsa funso limodzimodzi: mabatani awiriwa, `temperature` ndi `top_p`, amasiyana bwanji, nanga woti munthu azimusintha ndi uti? Ndiyankhe pano kamodzi. Ndineneretu kuti ine ndili kumbali ya `top_p`, ndipo chifukwa chake ndi ndalama zimene `temperature` inandidyera.

Pulogalamu yotereyi silemba chiganizo chonse nthawi imodzi. Imaika kachidutswa kamodzi, tokeni, kenako n'kuchita maere kuti ipeze kotsatira. Tiyerekeze kuti yalemba kale kuti "Katundu wanu afika", ndipo mawu otsatira yawapatsa mwayi motere: "mawa" 60 peresenti, "lero" 25, "Lachisanu" 10, "dzulo" 5. Manambalawa ndangopeka kuti tiwerengere, koma masamu ake ndi enieni. "Dzulo" ndiye mawu olakwika pamenepa, chifukwa katundu sangadzafike dzulo.

`temperature` sichotsa mawu aliwonse pamndandanda, imangosuntha mwayi. Mukaiika pa 0.5, "mawa" amakwera kufika pafupifupi 83 peresenti, "lero" amatsikira pa 14, "Lachisanu" pa 2, ndipo "dzulo" safika ngakhale 1. Mukaikweza kufika pa 2, "mawa" amagwera pa 43, "lero" 28, "Lachisanu" 17, "dzulo" 12. Apa ndiye pali nkhani. Chimene anthu amachitcha luso la pulogalamu ndi kupereka mpata kwa mawu amene anali kumbuyo, ndipo mpatawo umapita kwa abwino ndi oipa omwe.

`top_p` imagwira ntchito ngati sefa ya ufa: zina zimadutsa, zina zimatsala. Imawonkhetsa mwayi kuyambira pa mawu apamwamba mpaka itakwanitsa mlingo umene mwaika, zotsalazo n'kutaya. Pa 0.9, kutanthauza 90 peresenti, "mawa" ndi "lero" akupanga 85, sizinakwane, ndiye imatenganso "Lachisanu" kufika 95, n'kuima pomwepo. "Dzulo" watuluka, sangasankhidwe ngakhale mwangozi. Atatu otsalawo amagawana mwayi wonse: 63, 26 ndi 11. Njirayi anaifotokoza Ari Holtzman ndi anzake mu 2019, ndipo ubwino wake ndi woti mndandanda umafutukuka kapena kuchepa wokha. Pamene pulogalamu ili ndi chitsimikizo, pamatsala mawu amodzi kapena awiri. Pamene pali njira zambiri zabwino, pamatsala ambiri.

Tsono chimene chinandipweteka. Ndinalipira pulogalamu ina yolembera zotsatsa, ya mtundu uja wogula makirediti, dzina lake ndisatchule. Inali ndi kachingwe kamodzi kokoka kolembedwa `Creative`, popanda nambala iliyonse. Ndinkafuna timawu totsatsira sopo wa mlongo wanga, m'Chichewa. M'Chingerezi inkalemba bwinobwino. M'Chichewa imayamba mwaulemu, mzere woyamba wabwino, wachiwiri wabwinoko, wachitatu n'kutulutsa mawu ooneka ngati athu koma oti palibe anawamvapo, mphatikiram'mbuyo wa gulu lina atamatidwa pa dzina la gulu lina, kenako n'kutsetserekera ku Chiswahili. Kudina kuti ilembenso kunali kirediti ina. Zinyalala zija ndinazilipira pamtengo wofanana ndi zabwino, ndipo palibe pamene analemba kuti kachingweko kakukweza chiyani. Nditayesa ntchito yomweyo pamalo oti manambala ndikuwaona, vuto lomwelo linabwera nditakweza `temperature` kupyola 1 `top_p` ili pa 1, ndipo linachepa kwambiri nditatsitsa `top_p` kufika pa 0.9.

Chifukwa chake n'chomveka. Mapulogalamuwa anaphunzira Chichewa chochepa, ndiye mawu amodzi ngati "tidzakutumizirani" amawadula m'matokeni angapo, pamene mawu wamba a Chingerezi nthawi zambiri amakhala tokeni imodzi. Maere amachuluka pa chiganizo chimodzi, komanso pa maere aliwonse pulogalamu imakhala yokayikakayika. Ngati mwayi wotola kachidutswa kolakwika uli 1 peresenti yokha pa tokeni iliyonse, pa matokeni 100 mwayi woti mugundane nako kamodzi umafika pafupifupi 63 peresenti. Ndipo kakalowa, zonse zotsatira zimamangidwa pamwamba pake. Tizidutswa tolakwikati timakhala kumchira kwa mndandanda, kumene kuli mawu a mwayi wochepa, ndipo `temperature` yokwera imanenepetsa mchirawu, pamene `top_p` imaudula.

Kunena chilungamo, pa mayankho okhazikika `temperature` ndiyo yapambana. Ngati mukufuna kuti uthenga wa kasitomala uikidwe m'gulu la "dandaulo" kapena "funso la mtengo", ikani pa 0, pulogalamu izingotenga mawu apamwamba nthawi zonse. Pamenepo `top_p` ilibenso ntchito. Koma anthu amaikhulupirira 0 mopitirira. Siipangitsa yankho kukhala loona: ngati katundu afika Lachisanu koma pulogalamu ikuganiza kuti mawa, idzanena "mawa" ulendo uliwonse, mopanda manyazi. Pa nkhani yaitali imathanso kumangobwereza chiganizo chimodzi, makamaka mapulogalamu ang'onoang'ono, matokeni akuwerengedwa kuti muwalipire. Ndiponso pa makompyuta a makampani, funso lomwelo pa 0 limatha kubweretsa mayankho osiyana pang'ono, chifukwa masamu a timanambala ting'onoting'ono amasintha malinga ndi mmene mafunso a anthu ambiri aphatikizidwira nthawi imeneyo. Mawu awiri akakhala pafupi kufanana mwayi, kasinthidwe kakang'onoko kamakwana kutembenuza yankho. Pali `seed`, nambala yoti maere azigwa mofanana ulendo uliwonse, imathandiza, koma a OpenAI, kampani ya ChatGPT, eni ake amanena kuti salonjeza kufanana kotheratu. Uthenga woti uzikhala womwewo, monga wa mitengo kapena nthawi yotsegulira shopu, ulembeni kamodzi, muusunge, muzitumiza womwewo.

Malangizo a OpenAI amati musinthe imodzi mwa ziwirizi, osati zonse, ndipo chitsanzo chathu chija chikuonetsa chifukwa chake. Ikani `temperature` pa 2 ndi `top_p` pa 0.9. Ngati pulogalamu iyamba ndi `temperature`, monga imachitira `transformers`, chida cha kampani ya Hugging Face choyendetsera mapulogalamu a AI, mawu atatu apamwamba akungokwana 88, osafika 90, ndiye "dzulo" wabwereranso pamndandanda. Ngati iyamba ndi kusefa, monga `llama.cpp`, chida china chotere, imene mwachizolowezi imaika `temperature` kumapeto, "dzulo" anatayidwa kale ndipo sabwerera. Manambala omwewo, zotuluka zosiyana. N'chifukwa chake manambala amene mnzanu amalumbirira nawo akhoza kukukhumudwitsani pa pulogalamu yanu. Samalaninso mlingo: kwa OpenAI `temperature` imachokera pa 0 kufika 2, kwa Anthropic, kampani inanso ya AI, imathera pa 1. Amene mumagwiritsa `Ollama`, yoyendetsera AI pa kompyuta yanu, dziwani kuti imabwera `temperature` itaikidwa kale pa 0.8 ndi `top_p` pa 0.9.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. `top_p` ndimaiika pa 0.9 n'kuisiya osaikhudzanso pokhapokha mawu opeka atayamba kutuluka, kenako n'kumasuntha `temperature` yokha. Poyankha makasitomala imakhala pa 0.2 kapena 0.3. Polemba zotsatsa m'Chichewa ndimayambira apa:

```
temperature = 0.8
top_p = 0.9
```

Kuti mudziwe kolowera, funsani funso limodzi maulendo angapo, mayankho muwaike pamodzi. Akamayamba ndi mawu ofanana onse, kwezani `temperature` ndi 0.1. Mukaona mawu opeka kapena chilankhulo china chikulowerera, vuto lili kumchira, ndiye tsitsani `top_p` kufika pa 0.85 musanaganize zotsitsa `temperature`. Ndipo pulogalamu yolipira imene ikukupatsani kachingwe kopanda manambala, afunseni eni ake kaye kuti kamasuntha chiyani musanagule makirediti.