Foda yokiya pa foni ya banja lonse: iti imatsekadi, iti imangophimba m'maso?

Kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje foni imodzi imadutsa m'manja ambiri. Ana amaonerapo makatuni, mlamu amabwereka kuti aimbe, magetsi akathima imakagona kotchajitsa, ikavuta imatsala kwa wokonza mafoni pa Luchenza kapena pa Chitakale. M'menemo muli chithunzi cha chitupa cha unzika, kapepala ka malipiro a ku esiteti, zotsatira za kuchipatala ndi zithunzi zina zoti mwini wake yekha ndiye aziona. Njira zobisira zimene anthu amafunsa kawirikawiri ndi zinayi, ndipo ndimaziyesa ndi mafunso awiri okha: kodi munthu amene amadziwa kale pini ya foni angatsegule, nanga zinthu zikasokonekera mafayilo amabwerera?

Yoyamba ndi Locked Folder ya mu Google Photos. Ndi yaulere ndipo siivuta, koma pa foni yobwerekana imagwa pa funso loyamba lomwelo. Ilibe kiyi wakewake, imatseguka ndi pini, pateni kapena chala chomwe chimatsegula sikirini. Ngati mwana wanu amajambula yekha pateni ija akafuna magemu, ndiye kuti fodayi amaitsegulanso. N'chimodzimodzi kukhoma kabati n'kusiya kiyi pamtolo womwe aliyense amatsegulira chitseko cha nyumba. Komanso imangolandira zithunzi ndi mavidiyo, chikalata cha PDF sichilowa. Ubwino wake umodzi weniweni ndi woti kuyambira mu 2023 imalola kusunga zobisikazo ku akaunti yanu ya Google, choncho foni ikabedwa zithunzi sizipita nayo. Ngati pini ya foni mumaidziwa nokha, njabwino. Ngati si choncho, idumpheni.

Yachiwiri ndi Safe folder ya mu Files by Google, pulogalamu imene imabwera kale m'mafoni ambiri otsika mtengo ndipo imafuna Android 8 kapena yoposera apo. Iyi ili ndi kiyi wakewake: pini ya manambala 4 kapena pateni yosiyana ndi ya sikirini. Imalandira zithunzi, mavidiyo, mawu ojambula ndi zikalata. Mukatsegula Files, sankhani fayilo, dinani timadontho titatu, kenako Move to Safe folder. Fayiloyo imasowa mu galare ndi m'mapulogalamu ena onse, ndipo mukangotuluka foda imadzikiya yokha.

Vuto lake lili pa funso lachiwiri, ndipo apa m'pamene anthu amalira. Mukaiwala pini palibe imelo kapena uthenga wokukumbutsani. Chotsala n'kuyambitsanso foda, ndipo zonse zimene zinali m'katimo zimafufutika. Si kuiwala kokha ayi. Foni ya 32 GB ikayamba kudandaula kuti malo atha, wachinyamata wodziwa mafoni pakhomopo amalowa mu Settings n'kumadina Clear data pa pulogalamu iliyonse yooneka yaikulu. Files imaoneka yaikulu chifukwa cha zimene mwabisazo, ndiye akaidina zapita. Wokonza mafoni akanena kuti “iyi tingoifulasha”, zapitanso. Palibe angakuchenjezeni, chifukwa palibe akudziwa kuti muli kanthu. Choncho musanapereke foni kokonzetsa, tulutsani mafayilo ndi Move out of Safe folder, muwasamutsire kwina, muwafufute pafoni, kenako perekani. Ndipo chikalata chimene mulibe kope lake lina musachisunge muno mokha.

Yachitatu, Secure Folder ya Samsung, ndi imene ndimaikhulupirira kwambiri. Iyi si foda wamba, ili ngati foni ina m'kati mwa foni: ili ndi galare yake, kamera yake, ndipo mutha kuikamo WhatsApp yachiwiri. Chithunzi chojambulidwa ndi kamera ya m'katimo sichidutsa n'komwe mu galare ya kunja. Imafuna akaunti ya Samsung, ndipo mukayatsa Reset with Samsung account pokhazikitsa, pini yoiwalika imasinthika popanda kutaya kanthu. Chizindikiro chake chimabisikanso kuti chisaoneke pakati pa mapulogalamu. Misampha ilipo iwiri. Mukalola kuti izitseguka ndi chala, zala zina zimene zinalembetsedwa pafonipo zitha kuitsegulanso, ndiye ngati amuna anu kapena akazi anu anaikapo chala chawo, gwiritsani pini yokha. Wina ndi wa pa Add files: imafunsa Move kapena Copy, ndipo mukasankha Copy choyambirira chija chimatsala poyera. Dziwaninso kuti si Samsung iliyonse ili nayo, zina zotsika mtengo kwambiri zilibe, choncho yang'anani mu Settings muli pasitolo pomwepo musanalipire.

Yachinayi ndi mapulogalamu aja ooneka ngati kakyuleta, oti ukalemba nambala yachinsinsi amatsegula zithunzi. Awa ndimadana nawo, sindibisa. Ambiri amadzaza zotsatsa malonda zimene zimadya bandulo nthawi iliyonse mukatsegula, ndipo ena amakulolani kubisa zithunzi zingapo kenako n'kuyamba kufuna ndalama ya mwezi ndi mwezi, yolipira pa khadi la kubanki, kuti mupitirize kapena musunge kope. Choipa koposa n'choti ena sakiya chilichonse. Amangosintha dzina la fayilo n'kuiponya mu foda yoyamba ndi kadontho, momwe muli kafayilo ka `.nomedia` kouza galare kuti isayang'anemo. Kuwayesa n'kosavuta: bisani chithunzi chimodzi chopanda ntchito, lowani mu Settings ya Files, yatsani Show hidden files, n'kufufuza mafoda oyamba ndi kadontho. Mukapezamo fayilo yofanana kukula ndi chithunzi chija, n'kuisintha dzina kuti lithere `.jpg` ndipo yatseguka, dziwani kuti wokonza mafoni aliyense angachitenso zomwezo. Makakyuleta awiri pafoni imodzi nawonso amadziulula okha.

Ngakhale foda yabwino siibisa makope amene mwawasiya kunja. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Limbuli wajambula chitupa chake cha unzika, watumiza pa WhatsApp kwa mchimwene wake ku Blantyre, kenako wachilowetsa mu Safe folder. Chalowa ndi chimodzi chokha, cha ku kamera. China chikadali m'macheza a WhatsApp, ndipo fayilo yake pa mafoni a Android 11 kupita m'tsogolo imakhala apa:

```
Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media/WhatsApp Images/Sent
```

Ngati Google Photos inali itasunga kale chithunzicho ku akaunti, chizionekabe mmenemo mpaka achifufute. Ngati anajambula kawiri n'kufufuta chosaoneka bwino kudzera mu Files, chili mu Trash, momwe chimakhala masiku 30 ndipo aliyense angachibweze. Ntchito yake ndiye ndi iyi: afufute uthenga uja m'macheza, aone kuti mu Sent mwayera, achotse cha mu Google Photos pamodzi ndi cha m'bini yake, akhuthule Trash. Za pa memore khadi azisamale mwapadera, poti khadi amangolizula n'kuliwerenga pafoni ina popanda pini iliyonse.

Amene ali ndi Samsung yokhala ndi Secure Folder asavutike n'kufuna zina. Wa Itel, Tecno kapena Infinix amene amabwereketsa foni atenge Safe folder, asankhe pini yosakhala chaka chake chobadwa kapena ya Airtel Money ndi Mpamba, ailembe papepala losungidwa kutali ndi foni, ndipo zikalata zofunika akhale nalo kope lina pa fulashi kunyumba. Wa kakyuleta uja ayambe watulutsa mafayilo onse n'kuona kuti akutseguka mu galare asanachotse pulogalamuyo, chifukwa ena akachotsedwa amapita ndi zonse zimene anasunga.