Ngongole zitatu, K110,000 pamwezi: tiyambe kubweza iti?

Titenge chitsanzo cha banja la ku Area 25 lomwe limapeza K650,000 pamwezi. Lendi K150,000, chakudya K230,000, minibasi K70,000, mayunitsi a magetsi, madzi ndi makala K55,000, za kusukulu K35,000. Ikutsala K110,000 yobwezera ngongole.

Ngongolezo ndi izi: K60,000 kuokala, yopanda chiwongoladzanja, K200,000 ku banki m'khonde, yomwe imabereka 10 peresenti pamwezi, ndi K300,000 ku Sako, bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama, pa 3 peresenti pamwezi ya ndalama yotsala. Mwezi uliwonse mwini okala amafuna K10,000, Sako K30,000, amayi a ku banki m'khonde chiwongoladzanja chawo, chomwe poyamba ndi K20,000. Mkangano uli pa K50,000 yapamwambayo.

Njira ya sinobolo imati yambani ndi ngongole yaing'ono. Mwezi woyamba mwatseka kuokala, dzina lafufutidwa m'kabuku kaja. Koma K200,000 ya banki m'khonde sinasunthe, mwangolipira chiwongoladzanja. Kuyambira mwezi wachiwiri mumaponyako K80,000, ndipo imatsika kufika K140,000, kenako K74,000, kenako K1,400, n'kutha mwezi wachisanu. Sako imatha mwezi wa 7. Chiwongoladzanja chonse, pafupifupi K103,500.

Ya avalanchi imathamangira ngongole yobereka kwambiri. Kuokala muzingopereka K10,000, K70,000 izipita ku banki m'khonde: K150,000, K95,000, K34,500, mwezi wachinayi yatha. Ndalama imeneyo imasamukira ku Sako, ndipo zonse zimatha mwezi wa 6, chiwongoladzanja chili pafupifupi K88,100.

Kusiyana kwake ndi K15,400. Si yambiri kwenikweni, koma ine ndingasankhe avalanchi, makamaka chifukwa banki m'khonde sidikira. Magulu ambiri amagawana ndalama chakumapeto kwa chaka, ndipo amene sanamalize kubweza amamudula pa masheya ake, ena n'kuwonjezerapo chindapusa. Sinobolo ili ndi msampha wakenso: kabuku ka kuokala kakayera, pofika pa 20 munthu wayambanso kutenga shuga ndi sopo pangongole. Mukaona dzina labwereramo, dziwani kuti bajeti ya chakudya ndi imene yachepa.

Komabe ngati mwini okala wayamba kutumiza mwana kudzagogoda m'mawa, mulipireni, mtendere wa pakhomo uposa K15,400.

Musanawonjezere kobiri ku Sako, afunseni mmene amawerengera chiwongoladzanja. Masamu onsewa akugwira ngati akuwerengera pa ndalama yotsala. Ngati anawerengeratu pa K300,000 yonse tsiku lomwe munasaina, ndipo sachotserako wobweza msanga, kufulumira sikukupulumutsirani kanthu. Zikatero banki m'khonde ikatha tsekani kuokala, Sako muzingoipatsa K30,000 yake.