Hedifoni ikulira khutu limodzi: zala, batire kapena mita?

Hedifoni ya waya ikasiya kulira mbali imodzi, nthawi zambiri sipika imakhala ili bwinobwino. Chimene chaduka ndi kawaya kam'kati, makamaka pakhosi pa pulagi pamene pamapindika foni ikakhala m'thumba. Njira zofufuzira vutoli zilipo zitatu, ndipo iliyonse ili ndi pamene imathera mphamvu.

Musanayambe, lumikizani hedifoniyo ku foni ina kapena wailesi. Ikalira makutu onse awiri, vuto lili m'foni yanu: mwina m'kabowo mwadzaza fumbi ndi ulusi wa m'thumba moti pulagi sikulowa yonse, kapena wina anasuntha "Audio balance", pogawira mawu kumanzere ndi kumanja m'masetingi a foni, kupita mbali imodzi.

Njira ya zala ndiyo yosalira ndalama. Ikani nyimbo, valani hedifoni, kenako muzipinda waya pang'onopang'ono kuyambira pa pulagi, kukwera mpaka pamphanda pamene waya amagawikana, n'kukafika pakhutu. Pamene mawu abwerere kapena kuthetheka, podukapo ndi pomwepo. Ubwino wake ndi woti imakulozerani malo enieni, zomwe njira zinazo sizichita. Koma imathandiza pokhapokha ngati timawaya toduka tikukhudzanabe. Tikatalikirana, mupinda mpaka dzuwa kulowa osamva kanthu.

Mita, imene okonza mafoni kumsika amaitcha malitimita, imafuna kuti muidziwe kaye pulagi yanu. Pulagi ya mamilimita 3.5 yokhala ndi mizere iwiri ili ndi zigawo zitatu: nsonga ndi ya khutu lamanzere, chapakati ndi cha lamanja, chakutsinde ndi cha waya wobwerera amene makutu onse amagawana. Ya mizere itatu, yokhala ndi maiki, pa mafoni ambiri a masiku ano imayenda motere: nsonga manzere, chachiwiri manja, chachitatu wobwerera, chakutsinde maiki. Ikani mita pa Ω, chizindikiro cha maomu, khudzitsani chingwe chimodzi pa wobwerera, china pa nsonga, kenako pa chigawo cha khutu lamanja. Mbali yamoyo imaonetsa maomu apakati pa 16 ndi 32 pa mahedifoni ambiri a foni. Mbali yoduka imaonetsa OL, kapena 1 yekha kumanzere kwa sikirini. Mita sinama, koma imangokuuzani kuti njira yaduka, osati pamene yadukira.

Batire la AA, la mavoti 1.5, limagwira ntchito ya mita kwa amene alibe. Khudzitsani nsonga ya pulagi, kapena chigawo cha khutu lamanja ngati mukuyeza limenelo, kumutu kwa batire, ndipo ndi kawaya kena lumikizani kumunsi kwa batire ndi chigawo cha wobwerera. Khutu lamoyo limamveka kuti thetheee mukamakhudza ndi kuchotsa. Muzingokhudza kamphindi, musagwirize, chifukwa koyilo ya sipika ndi yopyapyala kwambiri. Kuipa kwake, pulagi ndi yaing'ono moti n'kosavuta kukhudza zigawo ziwiri pamodzi n'kudzinamiza.

Yanga inafa khutu lamanzere nditakola waya pachitseko cha minibasi. Ndinapinda waya yense, zii. Mita inaonetsa 32 kumanja, OL kumanzere. Apa ndinadula waya masentimita atatu pamwamba pa pulagi n'kusenda. M'kati munali timawaya tofiira, tobiriwira ndi ta mtundu wa mkuwa. Poyamba ndinayeza osapeza kanthu pa tonse, mtima unagwa. Ndinali nditaiwala kuti timawayati timakutidwa ndi vanishi amene saoneka bwino ndi maso. Nditawaula nsonga zake ndi machesi n'kupala mwaye ndi lezala, wobiriwira ndi wamkuwa anaonetsa 32, wofiira ndi wamkuwa chimodzimodzi. Ndiye kuti masipika onse anali amoyo, ndipo podukapo panali m'kachidutswa kamene ndinataya. Ndinawotcherera pulagi yatsopano, ikulira mpaka lero. Chikhala kuti wobiriwira anaonetsabe OL, ndikanadziwa kuti vuto lili kumtunda, pamphanda kapena m'khutu momwe. Mitundu ya timawaya imasiyana malinga ndi opanga, choncho musadalire mtundu, yezani.

Ine ndimayamba ndi zala chifukwa zikagwira, ntchito yatha osadula paliponse mwachisawawa. Zikakanika ndimapita pa mita, ndipo batire ndimaligwiritsa ntchito ndikakhala kumudzi. Dziwaninso kuti ngati khutu likulira koma motsika kwambiri, yambani mwatsuka kasefa kakutsogolo ndi mswachi wouma, chifukwa phula la m'khutu limatseka timabowo. Ndipo ngati makutu onse akulira koma mawu a woimba akumveka ngati ali m'chitsime pamene zing'wenyeng'wenye zikumveka, amene waduka ndi waya wobwerera, kapena pulagi sinalowe mpaka kumapeto.